Ndinawerenga Hule pa Chitenje cha Alamu Anga

Amayi anzanga, Ambuye atamandidwe. Ndikuona ena mwakhala kutsogolo lero, inu amene masiku onse mumabisala kumbuyo. Ndikudziwa, mwabwera kudzaona mkazi uja anatentha mpunga ku Bwanje. Ndine amene, ndiyang'aneni mukhute. Dzina langa ndi Agnesi, Nambewe. Kwathu ndi konkuno ku Mua, koma ndinakwatiwa ku Golomoti, pachitengwa. Amayi apampando andipempha kuti ndilankhule kwa inu amasiye anzanga, akuti ambiri muli pa mkangano ndi akuchimuna. Ndavomera, koma musayembekeze kuti ndilankhula ngati sisitere. Mtima wanga ndi wapachala mpaka lero, ndipo alipo anthu amene ndikawaona mano amandiyabwa.

Amuna anga, a Petulo, ankagula mpunga n'kumakagulitsa m'tauni. Anali munthu wa maulendo, ndipo paulendo wina anabwera ndi katundu amene sanamutsitse pa lole. Kachilombo. Ine ndinadziwira kuchipatala, n'kuyamba kumwa mankhwala. Iwo anakana, ati amuna sayima pamzere wa mapiritsi, mpaka tinawaika m'manda. Anandisiyira mwana mmodzi, Tadala, mtsikana wa Folomu 3. Mwana ameneyo mutu wake unali wakuthwa, ankafuna unamwino, ndipo pa zonse zimene ndinali nazo padziko, chenicheni chinali iyeyo.

Maliro asanazizire n'komwe, manong'onong'o anayamba. Akuti matendawo ndinabweretsa ndine, chifukwa ndinkakazinga mandasi pamsewu n'kumaseka ndi madalaivala. Akutinso ndadzaza mudzi wa eni ndi abale anga, poti mayi anga okalamba ankakhala nane, ndipo mchimwene wanga Yohane ankandithandiza kulima poloti ya mpunga ku sikimu ya Bwanje. Palibe anandiuza pamaso. Ndinkangoona anthu akukhala chete ndikafika pamjigo.

Malemuwo anali ndi mlongo wawo, a Felista, alamu anga. Mayi wa geni, wopita ku Kyela ku Tanzania kukaoda nsalu ndi mapoto. Sitinkakondana kwenikweni, komanso sitinayambanepo. Ndiwo ankathandiza Tadala pa za sukulu.

Tsiku lotsegula chiliza, a Felista anabwera atavala chitenje cha ku Tanzania, chija amati kanga, chakuda ndi chachikasu, chokhala ndi mawu a zilembo zikuluzikulu m'munsi. Anagwada patsogolo panga pamanda, mawuwo ali pamaso panga penipeni. Mayi wina woyandikana naye nyumba, Nachisale, anandigunyuza ndi chigongono.

"Mwawerenga koma, amake Tadala?"

Ndinawerenga. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 8, ndipo kutchalitchi ndinkawerenga mawu a Mulungu osaphonya. Ndinaona mawu asanu ndi limodzi, mutu wanga n'kuwamva m'Chichewa chomveka bwino: m'chuma changa, hule ndi wakwawo.

Amayi, taganizani! Pamanda a mwamuna amene anandipatsa matenda, mlongo wake wavala nsalu yonditcha hule, ine ndi mayi anga ndi mchimwene wanga, akuti tikudya chuma chake! Nachisale ananong'oneza mnzake, mnzakeyo ananong'oneza wina, ndipo pofika nthawi ya chakudya azimayi onse ankandiyang'ana cham'mbali. Palibe ndi mmodzi yemwe pagulupo ankadziwa Chiswahili, koma tonse tinamva.

Pofika kunyumba Tadala anati, "Amayi, mawu ajatu si Chichewa. Bwanji tiwafunse kaye azakhali?"

Ndinamumenya mbama. Ndinati wagulidwa ndi fizi ya sukulu.

Zotsatira zake ndifulumira, chifukwa nazonso zinafulumira. Ndinaleka kupereka moni kwa a Felista. Anabwera kunyumba kudzandiona, ndinawakhuthulira madzi otsukira mbale kumapazi. Ndinayamba kufalitsa kuti anakhwimira geni ndi mchimwene wawo, ndipo Nachisale ankanyamula nkhaniyo ngati wolembedwa ganyu. Tulo tinathawa, ndiye ndinayamba kachasu. Poyamba kabotolo kobisa m'dengu la ufa, kenako poyera, masana dzuwa likuswa mtengo. Mankhwala ndinkadumphitsa. Mandasi anapsa kangapo, makasitomala anathawa. Kumphakati ndinaleka kupita, poti kumeneko ankanena za kukhululuka, ndipo ine sindinkafuna kukhululuka. Ndinkafuna a Felista alire misozi yoti ndiione ndi maso angawa.

Nyengo yokolola inafika. Mukudziwa mmene timachitira, mpunga ukadulidwa timaunjika milu m'munda kudikira kupuntha. A Felista chaka chimenecho Kilombero anawachitira bwino, milu italiitali. Tsiku lina masana, anthu atapita kumaliro kumudzi wina, ndinamwa mokwanira, ndinatenga machesi. Sindinabisale n'komwe. Ndinayatsa mulu woyamba ndikuyimba.

Ndikuuzeni zoona, poti ndili pamalo a Mulungu: zinandikomera. Moto uja utalilima, mtima wanga unazizira koyamba chichokereni kumanda kuja. Koma kunali mwera, ndipo moto sudziwa malire a poloti. Unadya milu ya a Felista, unalumpha ngalande, unadyanso ya mabanja ena amene sanandilakwire kanthu. Anandigwira ndili pomwepo. Kukhoti sindinakane mlandu, ndipo woweruza atandifunsa ngati ndili ndi dandaulo ndinati, "Afunseni a Felista chimene anavala." Anthu anaseka. Ndinalowa m'ndende.

Za kundende sindinena zambiri. Nsikidzi, nyemba zofumbwa, ndowa pakona. Chimene chinkandipweteka ndi nkhani zobwera ndi Yohane. Ulendo woyamba anati poloti yathu aipereka kwa mabanja aja kuti alimepo mpaka abweze zawo. Ulendo wina anati iye amuthamangitsa pamudzipo, anthu akumutcha mlongo wa wotentha, palibe womupatsa ganyu. Ulendo wina anati mayi abwerera kuno ku Mua, m'kanyumba kodontha, miyendo yatupa. Kenako anati Tadala wasiya sukulu kuti aziyang'anira agogo ake, akugulitsa nthochi pa siteji. A Felista anafuna kumutenga, koma mwanayo anachita manyazi kukadya pakhomo pamene mayi ake anatenthapo chakudya.

Mukuganiza kuti ndinalapa? Ayi ndithu. Nkhani iliyonse ndinkaiwonjezera pa mlandu wa a Felista. Ndinkagona ndikukonza za potuluka. Ulendo uno osati mpunga ayi, okala yawo ya nsalu, pamodzi ndi chitenje chija. Tadala sanabwere kudzandiona ngakhale kamodzi, ndipo nazonso ndinkati ndi a Felista amuletsa.

Tsopano apa mvetserani bwino, ndiyenda pang'onopang'ono.

M'chipinda mwathu munabwera mayi wina wa ku Mtakataka, Msilamu, dzina lake Abiti Saidi. Anakwatiwapo ku Dar es Salaam zaka zambiri, banja litatha n'kubwerera kwawo. Anamumanga chifukwa cha ndewu ya pamsika, ndiye musaganize kuti anali mngelo. Pakamwa pake panali poposa panga. Tsiku lina m'mawa anatituma tonse awiri kudimba la ndende kukathyola nkhwani. Ine monga mwa chizolowezi ndinayamba kudzitama ndi nkhani yanga, poti mlendo aliyense ndinkamufotokozera. Nditafika pa chitenje chija, anaimirira.

"Kanga ya Chiswahili yolembedwa hule? Iwe, kanga ndavala moyo wanga wonse. Talemba apa mmene zinalembedwera."

Zilembo zija ndinali nazo m'mutu ngati Atate Athu. Ndinatola kamtengo, ndinalemba padothi. Abiti anawerenga, anandiyang'ana, anakhala pansi pamzere n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka msilikali wotiyang'anira anakuwa. Ndinafuna kumuponda.

"Subhanallah! Watentha mpunga wa anthu chifukwa cha ichi? Uwutu ndi mwambi, mwambi wakalekale. Ana a sukulu kumeneko amauloweza."

Mwambiwo sindiutchula wonse pamodzi. Pakamwa panga panaupotoza kale, ndipo wina pano angaumvenso mwake n'kukayatsa kwawo. Ndikupatsani liwu limodzilimodzi monga anandipatsira iye.

Analoza liwu loyamba, mchuma. Anati, "Ukuchita chiyani m'dimba muno?"

Ndinati, "Ndikuthyola nkhwani."

"Kumeneko ndiye kuchuma pa Chiswahili. Kuthyola. Ndiwo, mango, maluwa, chilichonse chimene umatambasula dzanja n'kutenga. Amanenanso za munthu wogwira ntchito kuti apeze kanthu, akuti akuchuma. Tsono m wakutsogoloyu si wa m'kati, ngati m'nyumba kapena m'thumba ayi. Ndi m wa munthu, ngati wa mlimi, msodzi. Mchuma ndi munthu wothyola. Za chuma chako cha ndalama palibepo apa. Ndipo ukapita kumeneko n'kukanena kuti chuma, akupatsa chitsulo."

Ndinati, "Nanga changa?"

"Ali kuti changa? Walemba wekha apa, chilembo choyamba ndi J. Janga."

Ndinati ine ndinkayesa a ku Tanzania sadziwa kulemba bwino. Anasekanso, koma pang'ono.

"Janga ndi tsoka. Osati tsoka la kupunthwa chala kapena kutaya mpango. Tsoka lalikulu, logwetsa mudzi. Madzi osefukira, chilala, mliri, moto. Limenelo ndiye janga. Tsono mwambiwu ukunena za munthu amene tsokalo silinamugwere lokha ngati mvula. Walitsata yekha kumene linali, watambasula dzanja, walithyola ngati bango lakupsa, waika m'dengu."

Atanena kuti moto anandiyang'ana m'maso. Ine ndinayang'ana pansi, pa liwu lachitatu, limene linandisowetsa tulo nthawi yonseyi.

"Ndiye hule wako uyu," anatero. "Taona kumapeto, pali A, palibe E. Hula. Ndi tizidutswa tiwiri. La ndi kudya, iwo amati kula. Hu ndi kaja timati ma ife, tikamati amadya, amapita, amalima, chinthu chochitika nthawi zonse. Hula ndiye kuti amadya. Basi. Mkazi woyendayenda kumeneko ali ndi dzina lina, silifanana ndi limeneli ngakhale pang'ono."

Amayi, ndinamva ngati wina wandichotsa mpando ndikufuna kukhala. Amadya! Liwu la kukhitchini, liwu loti mwana amalinena. Ndinakhala m'ndende chifukwa cha liwu loti amadya.

Anatsala mawu atatu ang'onoang'ono akumapeto, na, wa, kwao. Abiti anati, "Apa pokha ndiye unakhoza, mphunzitsi. Na ndi pamodzi ndi. Wa kwao ndi akwawo, abale ake, a pakhomo pake. Tsono lumikiza wekha, ine ndatopa."

Ndinalumikiza chamumtima. Munthu wakathyola tsoka, wabwera nalo kunyumba m'dengu, ndipo likaphikidwa sadya yekha. Mbale imazungulira pakhomo ponse.

Ndinayesa kulimbalimba. Ndinati, "Ndiye kuti ankandinenabe. Ankati ndabweretsa matenda."

Abiti anati, "Zimenezo sindikudziwa, ukawafunse eni ake. N'zoona, kumeneko akazi amamenyana ndi kanga osatsegula pakamwa. Mawu a m'munsiwo amawatcha jina, ndiye kuti dzina la kangayo, ndipo mkazi amasankha dzina asanasankhe mtundu. Ukayambana ndi mkazi mnzako umavala yako n'kudutsa pakhomo pake, mawa iye avala yoyankha. Koma mwambi uwu si wotukwana. Ndi wochenjeza. Amauuza mnyamata amene wayamba kuyenda ndi akuba, kapena bambo amene akusaka milandu. Ndipo tamvetsa, sukunena kuti abalewo alakwa. Sanapite nawo kothyola, mwina analetsa kumene. Koma poti ndi a pakhomo, mbale ikawapeza. Kuwawa kwake kuli pamenepo." Kenako anatola dengu lake n'kunena mosaseka, "Iwe kwanu akudya ndani?"

 Ndinawerama n'kumathyola nkhwani. Ndinaona miyendo ya mayi anga. Ndinaona Yohane akuyenda mudzi ndi mudzi ndi khasu paphewa. Ndinaona Tadala ndi lichero la nthochi pa windo la minibasi, anzake akudutsa ndi yunifolomu. Nthawi yonseyi ndinkati a Felista ndiwo akuzunza abale anga. Koma a Felista sanagwire machesi.

Ulendo wotsatira Yohane anabwera nkhope ili pansi. Anazungulirazungulira, kenako anati, "Achemwali, Tadala ndi woyembekezera." Bambo wina wogula mpunga, wa banja lake, ankamugulira nthochi zonse n'kumamulonjeza kuti amubwezera kusukulu. Mimba itaoneka anakana, ati mwana wa mkaidi angamunamizire ndani.

Ndinalira mokuwa mpaka anandigwira. Ndinkafuna wina woti ndimutukwane, ndipo koyamba m'moyo wanga ndinasowa poyambira.

Kubwerera kwanga kunayambira m'ndende momwemo, ndipo sikunali kwa maloto kapena masomphenya. Ndinapita kwa a chipatala cha m'ndendemo n'kuulula kuti mankhwala ndinkadumphitsa. Anandikalipira, anandiyeza, ndinayambiranso mwandondomeko, ndipo mpaka lero sindiphonya. Ndinaganiza kuti maliro anga asakhale mbale ina yoti Tadala adye. Kachasu m'ndende kulibe, ndiye kusiya kunali kosavuta. Povuta panali potuluka. Tsiku limene ndinatsika pa Golomoti, fungo lake linandilonjera lisanandilonjere dzuwa. Ndinachita chinthu chimodzi chophweka: ndinasintha njira. Mpaka pano ndikafika kumeneko ndimazungulira kutali kuti ndisadutse pa nyumba imene ndinkamwera, ngakhale mvula ikugwa.

Kenako ndinatenga Yohane ndi ankhoswe, tinapita kwa a Felista. Ndinagwada pabwalo, anthu akuonerera. A Felista sanathamange kudzandidzutsa ngati za m'sewero. Anandisiya pomwepo mpaka maondo anachita dzanzi. Nditapepesa, ndinafunsa funso limene ndinayenera kufunsa tsiku la chiliza.

"Alamu, chitenje chija munkadziwa tanthauzo lake?"

Anati, "Ndinkadziwa. Ndinachita kusankha pa mulu wonse."

 Ndinati basi, ankandinenadi.

"Ndinavalira Petulo," anatero. "Mchimwene wanga anakatola matenda m'maulendo ake, ndinamuchenjeza kangati? Anabwera nawo n'kukupatsa iwe. Anakana mankhwala n'kusiya mwana. Ndinali naye ukali, koma munthu sungatukwane m'bale wako pamanda anthu akumva. Ndiye ndinamuvalira kuti awerenge ali komweko. Wa kwao uja unali iwe, Agnesi. Iwe ndi Tadala. Ndinali mbali yako."

Mtima wapachala suchedwa. Ndinati, "Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndinabwera kudzakuuza nditamva zimene Nachisale akufalitsa. Unandithira madzi a mbale."



Sanandikhululukire ndi mawu okoma. Anati mpunga subwera ndi misozi. Ndinalowa m'munda mwawo ndi m'minda ya mabanja aja, kuwokera, kupalira, kuwinga mbalame, kudula, kupuntha, osalandira kanthu, mpaka eni ake ananena okha kuti zakwana. Msana uwu ukudziwa. Pambuyo pake poloti yathu inabwerera, Yohane akulimanso. Mayi anga sanadikire, anatisiya ndisanamalize, ndipo miyendo ija sinaphwe mpaka tsiku lomaliza. Mandasi ndinayambiranso ndi ufa umene a Felista anandipatsa. Lero timapatsana moni, nthawi zina timaseka.

Nachisale ndiye musandifunse. Ndimamupatsa moni poti ansembe anatero, koma moni wake ndi wouma ngati chikonyo. Iye anangogunyuza ndi chigongono n'kupita kukagona pa mphasa yake. Inu amene muli ndi anzanu otere, okuwerengerani nkhope za anthu, okumasulirani moni wa apongozi, okuuzani chimene alamu amatanthauza poseka, muwayang'anitsitse. Tsiku la khoti sadzakhalapo. Ndipo chinthu ukachimva m'chilankhulo chimene sukuchidziwa, kaya pa nsalu, kaya pa foni, kaya kumbuyo kwa lole, pita ukafunse wochidziwa. Chiswahili n'choopsa kwa ife chifukwa chimamveka ngati chathu. Chikanakhala Chitchaina bwenzi nditangoyamikira mtundu wa chitenjecho.

Koma zonsezi ndi zazing'ono. Chimene ndinkafuna ine ndi mwana wanga.

Tadala ndinamupeza kuno ku Mua, ali ndi khanda kumbuyo, wowonda, maso akuluakulu. Ndinamuyandikira kuti ndimukumbatire, anabwerera m'mbuyo. Sananditche amayi. Anati, "Mwabwera, a Nambewe?" Ndinamuuza zonse, za Abiti, za hula, za azakhali ake. Ndinkayesa aseka nane kupusa kwanga, kapena alira nane. Anangondiyang'ana.

"Ine ndinakuuzani tsiku lomwelo kuti si Chichewa," anatero. "Azakhali akukhululukirani poti mpunga umameranso. Nanga zanga zimeranso?"

Ndinati, "Sukulu amalola kubwerera ukabereka. Ndipatse mwanayu ndizimulera, iwe ukamalize."

Anati, "Mwana wanga simumugwira."

Amayi, m'ndende sindinamve kuwawa kofika pamenepo. Ndipo pomwepo chiwanda changa chakale chinadzuka. Ndinati zonsezi ndi bambo wogula mpunga uja. Ndikumudziwa. Amabwera tsiku la msika ndi sikelo yake, mimba patsogolo, akuseka ndi atsikana ena. Ndikudziwa pamene amaimika galimoto, ndikudziwa nyumba imene amasungira matumba, ndikudziwa kuti denga lake ndi la udzu. Musandiyang'ane choncho, ndakuuzani kuti sindine sisitere. Tsiku lina ndinaima kutsidya kwa msewu, mafuta a mandasi akuwira pamoto, iye ali chapafupi atandifulatira. Manja anga anagwira chiwaya okha. Sindinachisiye chifukwa chomukhululukira. Sindinamukhululukire, ndipo ndikamapemphera ndimamutchula dzina kuti Mulungu asamuiwale. Ndinachisiya chifukwa ndinadzifunsa kuti ndikathyola ili, mbale yake ikafikira ndani, ndipo pakhomo panga oyamba kudya akanakhala anthu awiri: Tadala ndi khanda lija.

M'malo mwake tinatsata njira yotopetsa. A Felista, ine ndi Yohane tinakasuma, tinayenda maulendo ambirimbiri, mpaka analamulidwa kuti azithandiza mwana. Amapereka mochedwa, nkhope itakwinyika, ndipo ine ndimakondwa kuiona ikukwinyika. Kubwezera kwanga tsopano n'komweko.

Tadala sindinamukakamize. Ntchito ya m'minda ija itatha ndinadzakhala konkuno ku Mua, pafupi naye. Ndinkangopita m'mawa, kutunga madzi, kusiya pakhomo pake, kubwerera. Ndikapeza matewera pachingwe ndinkaanula n'kupinda. Nthawi zina madziwo ankawataya ndikuona. Mawa lake ndinkatunganso. Azakhali ake ndiwo ankalankhula naye za sukulu, ine ayi. Miyezi inapita choncho, mwana anayamba kukwawa, anayamba kuima, ine ndisanamugwirepo ngakhale chala.

Teremu ino itatsegulidwa, Lolemba m'mawa, ndikukanda ufa wa mandasi, ndinamva mapazi pakhomo. Nditatukula mutu ndinaona Tadala ali mu yunifolomu, siketi yomuthina pang'ono, mwana kumbuyo. Sanandipatse moni. Anamasula nsalu, anatsitsa mwanayo, anandiyang'ana nthawi yaitali, ine manja ali mbuu ndi ufa.

Anati, "Sambani m'manja kaye."

Ndinasamba. Anandipatsa.

"Phala lake musathire shuga wambiri. Ndipo mukadzamwa ngakhale kamodzi, kapena kuyambana ndi munthu, simudzamuonanso."

Anatembenuka n'kumapita. Sananditche amayi, ndipo mpaka lero sananditchebe. Anzake amene anayamba nawo ali kale ku makoleji, iye wakhala pa desiki ndi ana aang'ono kwa iye, ndipo ndikudziwa amene anamuika pamenepo. Koma m'mawa uliwonse amabwera, amamasula nsalu, amandipatsa.

Ndi uyu ali kumbuyo kwangayu. Mwakhala mukudabwa kuti gogo wotentha mpunga wabereka mwana wa yani. Tsono inu mayi mwakhala pakonapo, amene mwakhala mukukukuta mano chiyambire, sindikudziwa amene anakulakwirani, ndipo mwina anakulakwiranidi. Sindikuuzani kuti mumukonde. Ndikungoti musanapite kukachita chimene mwakonzacho, mukafike kaye kunyumba nthawi ya chakudya, mukaone amene akhala pamphasa kudikira kuti muwagawire.

Ndalankhula mokwanira. Ana a sukulu atsala pang'ono kuweruka, ndipo mayi ake akapeza sindinamudyetse, mawa sabwera naye.